Nkhani Imodzi, Eni Ake Awiri

Uthenga unafika pa mafoni awiri m'nyumba imodzi, ndipo mavuto anayambira pomwepo. Kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba inkaitana Kapitawo ku intavyu Lachinayi m'mawa. Inkaitananso msuweni wake Nkhono, tsiku lomwelo, khomo lomwelo. Malo a atachimenti, kuphunzira ntchito ku ofesi yogula katundu, anali amodzi basi. Kukoleji kwawo lamulo linali losapsatira: wopanda atachimenti samaliza maphunziro chaka chimenecho, adikire anzake a m'mbuyo.

Kapitawo anali mtsikana amene sankatha kuona anthu atatu ataima pamodzi osawagawira ntchito, ndipo dzinali analipata ali wamng'ono. Nkhono, mwana wa amalume ake, ankachita chilichonse chimene wauzidwa, koma pa liwiro lake, ndipo ngakhale kuseka ankayamba anzake atamaliza. Onse awiri ankakhala kwa achimwene ake a Kapitawo, ankaphunzira kalasi imodzi, ndipo ankanyozana kuyambira pa tiyi wam'mawa monga amachitira asuweni. Achimwenewo, pofuna mtendere, anawagulira laputopu imodzi n'kunena kuti ndi ya onse awiri.

Mwayi wawo unali wakuti alamu awo, akazi a achimwene, ankagwira ntchito ku ofesi yolemba anthu ntchito pa kampani ina ya mabasi. Anali atamva mabodza a ofuna ntchito ambirimbiri moti ankalidziwa bodza likadali pakhosi. Lamlungu masana anakhazika Kapitawo patebulo lodyera, iwo akusita malaya pambali.

"Tiye. Tandiuzeni za nthawi imene munagwira ntchito ndi munthu wovuta."

Kapitawo anakonza kukhosi. "Ine ndine munthu woleza mtima, wolimbikira, wokonda kugwira ntchito ndi anthu a mitundu yonse..."

"Woleza mtima? Iwe?" Alamu anaimika simbi. "Mwamva, anthuni? Chabwino, tisakangane. Koma aliyense wolowa pakhomo paja adzanena zomwezo. Funso likayamba ndi 'tandiuzeni za nthawi imene', sakufuna kuti udzitamande. Akufuna nkhani imene inachitikadi, ndipo nkhaniyo ndi mpando wa miyendo itatu. Mwendo woyamba, zinthu zinali bwanji. Wachiwiri, iweyo unachitapo chiyani. Wachitatu, zinatha bwanji. Ukasowa umodzi, wagwa chagada."

Kapitawo anatulutsa laputopu m'chikwama mwake, momwe inkakhala masiku onse, n'kulemba mitu itatuyo. Nkhani anali nayo. Chaka chatha iye ndi anzake anayi anapatsidwa pulojekiti yofufuza mmene eni mashopu ang'onoang'ono amaitanitsira katundu. M'gulumo munali munthu wina amene gawo lake silinkabwera. Kapitawo anayamba kufotokoza, ndipo anayambira kutali ndithu: mphunzitsi amene anapereka ntchitoyo, khalidwe la mphunzitsiyo, mvula imene inagwa tsiku logawa magulu.

Alamu anamaliza malaya awiri asanamve munthu wovutayo.

"Wandikwezetsa basi yozungulira," anatero. "Mwendo woyamba ndi waufupi. Kunali kuti, ntchito inali yotani, vuto linali chiyani, basi. Mpweya wako usungire wachiwiri, chifukwa ndi umene akukulembera ntchito. Ndipo yankho lonse lisapitirire nthawi yowiritsa madzi a tiyi."

Anayesanso. Ulendo uno anafika msanga pa mwendo wachiwiri, koma anati, "Tinakhala pansi, tinagawana ntchito mwatsopano, tinagwirizana..."

"Ndani?"

"Ife."

"Kampani ikulemba anthu asanu? Gulu ulitchule, ulithokoze, palibe choipa. Koma ndimve chimene manja akowo anachita."

Apa Kapitawo sanavutike, poti kunena kuti "ine" sikunamulemerepo chibadwire. Anati iye anasiya kukalipa pa gulu la pafoni, anakamupeza munthuyo payekha, anamuchotsera ntchito yotayipa n'kumupatsa yoyenda m'mashopu ndi mapepala a mafunso, ndipo ankamuimbira madzulo aliwonse kumva pamene wafika.

"Eya, zikumveka. Zinatha bwanji?"

"Zinatha bwino."

"Ukwati wa azakhali ako unathanso bwino. Ndikufuna chooneka."

Kapitawo anaganiza pang'ono. Munthuyo anabweretsa mapepala onse atadzaza, gulu linapereka lipoti tsiku lisanakwane, ndipo mphunzitsi anatenga lipotilo kukhala chitsanzo cha kalasi yotsatira.

"Ndi zimenezo," anatero alamu. "Uwonjezere chimene unaphunzirapo, mawu ochepa. Usamutchule dzina, usamunyoze. Ndipo usaloweze ngati ndakatulo, chifukwa akakudula pakati udzasowa pogwira. Ugwire miyendo itatuyo, mawu abwera okha."

Nkhani imeneyi Kapitawo anaikonda kwambiri. Alamu anamuonetsa kuti nkhani imodzi yabwino imayankha mafunso angapo ukaitembenuza: za kugwira ntchito pagulu, za kutsogolera, za nthawi yothina. Anakonzanso zina ziwiri, ya tsiku limene anasokoneza ndandanda ya kwaya n'kuikonza, ndi ya tchuthi chimene anathandiza pa shopu ya mabuku. Koma ziwirizi zinali zowonda. Yonenepa inali ya munthu wovuta. Ankainena posamba, ankainena potsuka mbale, ndipo nthawi zonse akamuona Nkhono akudutsa ndi kapu yake ya tiyi ankamwetulira ngati munthu wodziwa kanthu, pakuti munthu wovuta uja anali Nkhono yemweyo.

Lolemba alamu anakhala ndi Nkhono payekha pakhonde. Kapitawo ali m'khitchini anangomva alamu akuseka mpaka kutsokomola. Atawafunsa, anapukuta misozi n'kunena kuti Lachitatu madzulo pakhala intavyu yoyeserera, onse awiri pamodzi, atavala bwino.

Lachitatu tebulo linakokeredwa pakati pa balaza. Achimwene anapatsidwa udindo wa bwana wamkulu, ndipo anautenga mwamphamvu kwambiri moti anavala tayi pamwamba pa malaya a mpira. Kapitawo analowa woyamba. Funso lakuti adzifotokoze analiyankha mwachidule, sukulu, chimene amakonda pa ntchito yogula katundu, chifukwa chofunira kampani imeneyi, poti alamu anali atamuuza kuti funso limenelo silifuna miyendo itatu. Kenaka linabwera la munthu wovuta, ndipo analiyendetsa bwino ngati njinga yatsopano. Achimwene anaomba m'manja, kuiwala kuti ndi bwana.

Nkhono, amene anamva zonse ali pampando wa pakona, sanasinthe nkhope. Anadzuka, anagogoda pa kabati poti chitseko panalibe, n'kukhala.

"Tandiuzeni za nthawi imene munagwira ntchito ndi munthu wovuta," anatero alamu, akuluma mlomo.

"Chaka chatha," Nkhono anayamba pang'onopang'ono, "tinali ndi pulojekiti ya anthu asanu yofufuza za mashopu ang'onoang'ono. Gawo langa linali lotayipa. Koma kompyuta imene ndinkadalira inali imodzi, yogwiritsa ntchito anthu awiri, ndipo mnzangayo ankayenda nayo tsiku lonse, usiku n'kuitsekera kuchipinda kwake. Yemweyo ndi amene ankandikalipira pagulu kuti ndine waulesi."

Kapitawo anamuponyera diso, koma Nkhono anapitiriza.

"Ndinaona kuti kukangana pagulu kungogawa anthu. Ndiye ndinatenga mafunso athu n'kukawayesa ndekha m'mashopu atatu a pafupi. Ndinapeza kuti mafunso awiri ankafunsa chinthu chimodzi, ndipo lina eni mashopu sankalimva. Ndinawakonza pamanja, n'kusiya mapepalawo pamalo pamene mnzangayo awaone. Atabwera kudzandilankhula, ndinamuonetsa kuti kumsewu ndingathandize kwambiri kuposa pa kompyuta. Zotsatira zake, mapepala onse anadzaza, lipoti linapita nthawi isanakwane, ndipo mphunzitsi..."

"Wabodza iwe!" Kapitawo anali ataimirira kale. "Maganizo osintha ntchito anali anga!"

"Mapepala unawapeza pati?"

"Pa... pamwamba pa firiji."

"Anakwera okha?"

"Nanga bwanji sunanene kuti ukufuna laputopu?"

"Ndinanena. Unati ndidikire umalize. Chaka chatha chomwecho." Nkhono anakanda m'mutu. "Ngakhale pasiwedi sindiidziwa."

Achimwene anamasula tayi. "Laputopu imene ndinagula ija? Ya nonse awiri ija?"

Alamu anali atagwira m'mimba. Atapezanso mpweya anati palibe wanama. Wina anasiyadi kukalipa n'kugawa ntchito mwatsopano, winanso anayesadi mafunso n'kutchera mapepala pa firiji. Nkhani zonse ziwiri zinali ndi miyendo itatu yolimba, ndipo kunena zoona ya Nkhono inali yokoma kuposa inzake. Kenaka anasiya kuseka.

"Koma tamverani. Nonse awiri mwalemba pulojekiti imeneyi pa sivi, pepala la mbiri yanu lija munatumiza kukampani, mutu umodzi, chaka chimodzi. Anthu aja sagona. Ukati munthu wina m'gulu ankachedwetsa ntchito, pomwe munthu wa gulu lomwelo wakhala pabenchi panja, dzina walitchula kale ngakhale usalitchule."

"Ndiye asinthe iyeyo," anatero Kapitawo.

"Aliyense ayimbe nyimbo yake," anatero Nkhono, n'kupita kukasaka polishi wa nsapato.

Kapitawo anakwiya, ndipo chimene chinamukwiyitsa kwambiri n'chakuti mkwiyowo unalibe poima. Chaka chonse ankakhulupirira kuti anachiritsa waulesi. Tsopano zinaoneka kuti wodwalayo anadzilembera yekha mankhwala, ndipo matendawo anali m'chikwama mwake mwa dokotala. Anayesa nkhani ya kwaya pa funso lomwelo, koma ku kwaya kunalibe munthu wovuta kupatula iye mwini. Anaganiza zopeka munthu wina, koma anakumbukira mmene alamu amafunsira mafunso otsatira, "Anayankha kuti chiyani? Kenaka?", mpaka bodza litaphwa. Malo ankawafuna ndi mtima wonse. Kubwereza chaka, kuona anzake atavala magauni iye ali m'gulu la oombera m'manja, zimenezo ayi. Anasankha kuti ainena nkhaniyo monga anaikonzera. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, koma uyu anakwerapo yekha.

Lachinayi anakhala pabenchi imodzi m'khonde la kampaniyo, pakati pawo pali mnyamata wina wa suti yaikulu amene ankanong'ona mayankho ake maso ali kudenga. Kunja magalimoto ankatsitsa matumba a simenti, fumbi likulowera pawindo n'kutera pa nsapato zimene Nkhono anapukuta dzulo lake. Kolala ya Nkhono inali itapindika kumbuyo. Kapitawo anaiyang'ana, anayang'ana kumbali, kenaka analephera kupirira n'kudutsitsa dzanja kumbuyo kwa wa sutiyo kukaikonza.

Woyamba kuitanidwa anali Kapitawo. M'chipindamo munali mayi wa magalasi, mkulu wa ofesi yogula katundu, ndi bambo wina wa ku nyumba yosungira katundu amene anali ndi cholembera kukhutu. Mafunso oyamba anayenda bwino. Pa funso la nthawi imene analakwitsa kanthu anapereka ya kwaya: anasokoneza ndandanda, anaimbira aliyense payekha tsiku lomwelo kukonza, ndipo Loweruka anthu onse anafika pa nthawi yake. Bamboyo anagwedeza mutu n'kuchotsa cholembera kukhutu.

"Tsopano," anatero mayiwo, "tatiuzani za nthawi imene munagwira ntchito ndi munthu wovuta."

Mwendo woyamba unatuluka wokha, waufupi, woyera: pulojekiti, anthu asanu, gawo limodzi losabwera, tsiku likuyandikira. Ali pomwepo anaona mayiwo akukoka pepala lina pansi pa sivi yake n'kuliika pambali pake. Anayendetsa chala pa mapepala awiriwo, n'kuyang'ana kuchitseko pamwamba pa magalasi.

"Pepani ndikuduleni. Pulojekiti imeneyi ndaionanso apa. Mnyamata amene ali panjayo munali naye gulu limodzi?"

"Inde, mayi."

"Chabwino. Pitirizani."

Mawu amene anakonza anali okonzeka pa lilime: munthuyo sankaoneka kuti ntchito ikumukhudza. Akanangowamasula. Koma anaona m'maganizo kolala ija, ndi munthu akupukuta nsapato pakhonde mosafulumira, ndipo mawuwo anakana kutuluka. Alamu anati akakudula ugwire miyendo. Anaigwira.

"Ine ndinkaganiza kuti ndi ulesi," anatero, "ndipo poyamba ndinkakalipa pagulu, zomwe sizinathandize. Ndiye ndinasiya, n'kukamupeza payekha. Ndinapeza kuti anali atayesa kale mafunso athu m'mashopu n'kukonza atatu amene anali olakwika. Nditaona zimenezo ndinagawa ntchito mwatsopano, iye kumsewu, ine kutayipa, ndipo ndinkamuimbira madzulo kuti zimene wapeza zilowe mu lipoti tsiku lomwelo. Tinapereka nthawi isanakwane, ndipo mphunzitsi akugwiritsa ntchito lipotilo ngati chitsanzo."

"Munthuyo akanakhala muno," anafunsa mayiwo, "akanati vuto linali chiyani?"

Kapitawo anatsala pang'ono kuseka. Funso limeneli akanalimva Lamlungu akanangoti kakasi.

"Akanati kompyuta inali imodzi, ndipo inkakhala m'chikwama mwanga. Akananena zoona. Ndazidziwa dzulo, mayi. Chimene ndaphunzirapo n'chakuti katundu akachedwa, ndisanakalipe ndiyambe ndafunsa chimene chamutsekereza. Mwina chili m'manja mwanga."

Bambo wa cholembera anaseka kwambiri n'kunena kuti pali anthu ena mu ofesi momwemo amene sanafikebe pamenepo. Mayiwo sanaseke, koma analemba kwa kanthawi.

Pobwerera m'basi asuweniwo anakambirana za fumbi, za suti ya mnyamata uja, za njala. Za m'chipinda muja palibe anafunsa mnzake.

Foni inalira Lolemba masana, onse ali pabalaza, ndipo inali imodzi yokha. Kapitawo anamvetsera, anathokoza katatu, anagwada pang'ono ngati kuti mayiwo akumuona, n'kudula. Alamu analulutira. Achimwene anati iwo anadziwa kale, poti ndi amene anamuyesa. Nkhono anamwetulira, mochedwa monga mwa masiku onse, n'kumugwira chanza.

"Kapitawo wapeza anthu enieni owalamulira. Ife tipume."

"Koma iwe zinakuyendera bwanji?" anafunsa alamu. "Nkhani yako inali yakupsa. Anakufunsa la munthu wovuta?"

"Anandifunsa."

"Ndiye?"

"Ndinawauza za goloboyi wa timu yathu ya mpira."

"Goloboyi? Sitinaikonzepo imeneyo! Unachitapo chiyani pa goloboyiyo?"

"Ndinamulangiza."

"Zotsatira zake?"

"Tinagonja."

Achimwene anaseka mpaka kugwetsa rimoti. Alamu anagwira kumutu. "Mwana iwe, bwanji?"

Nkhono anayang'ana m'kapu mwake. "Mayi aja anali ataika sivi ya Kapitawo pambali pa yanga. Ndikanati mnzanga ankabisa kompyuta n'kumanditukwana, akanadziwa kuti ndi ndani. Ndiye ndinaona kuti goloboyi sali pabenchi."

Chimwemwe chonse cha Kapitawo chija chinakhala pansi.

"Chitsiru iwe," anatero. "Za laputopu ndinali nditawauza kale ndekha! Ukanainena! Ukanawina nayo!"

"Ndikanadziwa bwanji? Iwe umauza munthu kanthu?"

Alamu anayamba kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma anaona nkhope ya Kapitawo n'kuusiya mwambiwo panjira. Chisoni chinamugwira mtsikanayo, chisoni chenicheni chosakanikirana ndi manyazi, pakuti iye anamuteteza msuweni wake ndi theka la mtima pa mphindi yomaliza, pomwe winayo anataya nkhani yake yonse osauza munthu.

Anadzuka n'kupita kuchipinda. Anabwera ndi laputopu, chaja chake chikukwekwereka pansi, n'kuiika pamiyendo pa Nkhono. Anawerama n'kumunong'oneza pasiwedi kukhutu, kawiri, kuti asadzanamizire kuiwala.

"Pa bolodi la kukoleji pali kampani ya mankhwala ikufuna wa atachimenti. Akutseka Lachisanu. Kalata ulemba lero, osati mawa."

"Wayambapo," anatero Nkhono.

"Sindinayambe." Anakoka tebulo kuliika pakati pa balaza, anatola tayi ya achimwene imene inali ikadali pa mpando kuyambira Lachitatu, n'kuikoleka m'khosi mwake. Anakhala, anapinda manja, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi amene analibe.

"Gogodani, bambo, mulowe. Tandiuzeni za nthawi imene munagwira ntchito ndi munthu wovuta." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya tayi. "Ndipo ulendo uno undinene. Undinene bwinobwino, miyendo yonse itatu."